Ophunzira akuthawira pakati pa kosi: ndijambulenso mavidiyo ati?

NaPhiri_wa_Maakaunti
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi kosi ya pa intaneti yophunzitsa amalonda ang'onoang'ono kulemba ndalama zolowa ndi zotuluka pa Excel. Maphunziro alipo 12, lililonse ndi vidiyo yake. Mavidiyo ndinawaika pa YouTube moti sawoneka kwa aliyense koma okhawo ali ndi linki, kenako ndinawalowetsa mu Moodle, pulogalamu yoyendetsera makosi a pa intaneti. Analembetsa anthu 140, koma amene anatsegula phunziro lomaliza ndi 31 basi. Mtima ukundiwawa, chifukwa ena mwa anthuwa anachita kudula pa mpamba kuti alipire. Mwezi uno ndili ndi Loweruka ziwiri zokha zoti ndingajambule. Ndimaganiza zoyambira kumapeto, 10, 11 ndi 12, poti ndi kumene kuli anthu ochepa. Ndikulondola?

Tsabola_wa_Kambuzi
Achemwali, gulani maikolofoni yabwino yopachika pa kolala mujambulenso onse. Anthu amathawa mawu oipa. Ine anga ndinkajambulira m'nyumba ya malata nthawi ya dzinja, mvula ikangoyamba mawu onse ankamira.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Zikomo achimwene, koma maikolofoni ndili nayo, ndipo onse 12 ndinajambulira chipinda chimodzi. Mawu akanakhala vuto bwenzi akuthawa pa vidiyo yoyamba.

Mkulu_wa_Manambala
Mayi, musanagwire kamera, tipatseni kaye chiwerengero cha anthu amene anatsegula phunziro lililonse, kuyambira 1 mpaka 12. Mu Moodle pitani pa Reports, kenako Activity completion. Kumapeto kwa kosi iliyonse anthu amakhala ochepa, ngakhale kosi yabwino chotani, ndiye kuchepa kwa anthu pa 12 pakokha sikukutiuza kanthu za vidiyo 12.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Nazi bambo, motsatana: 118, 96, 88, 83, 79, 76, 47, 43, 40, 38, 36, 31.

Mkulu_wa_Manambala
Zikomo. Tsopano chitani zomwe mumaphunzitsa ana anu a sukulu. Lembani manambalawa mu B kuyambira B2 kutsika, ndipo mu C3 mulembe ichi n'kukokera pansi:

```
=B3/B2
```

Chimene mukufunsa apa n'chakuti, mwa anthu amene anafika pa phunziro ili, ndi angati anapitirira kukafika pa lotsatira. Ndawerengera kuno. Kuchoka pa 1 kupita pa 2 anapitirira 81 pa 100 alionse. Kuyambira pamenepo mpaka pa 6 zikuyenda bwino, pakati pa 92 ndi 96. Koma kuchoka pa 6 kupita pa 7 ndi 62 yokha, anthu 29 asowa pamalo amodzi. Kenako zabwereranso pa 91 kupita m'mwamba, ndipo potsiriza penipeni ndi 86.

Ndiye mwa mavidiyo amene mumafuna kuwathera Loweruka lanu, 10 ikusunga anthu bwino kwambiri. Dzenje lili pakati pa 6 ndi 7.

Chitedze99
Basitu nkhani yatha. Jambulaninso 7.

Mkulu_wa_Manambala
Ayi achimwene, taganizani bwino. Anthu 29 aja vidiyo 7 sanayitsegule n'komwe. Vidiyo imene munthu sanaione ingamuthamangitse bwanji? Chimene anaona komaliza ndi 6. Mlandu tiyambe kufunsa 6.

Chitedze99
Apo mwandigwira. Komabe mutu wa phunziro 7 ukhoza kuwaopsa asanatsegule. Ine ndikaona mutu wovuta ndimayamba ndazengereza.

Mkulu_wa_Manambala
Zimenezo n'zotheka, ndipo ngati ndi choncho mankhwala ake ndi kusintha mutu, ntchito ya mphindi imodzi. Tisungeko ganizo limenelo.

MaiAwiri_kuJoni
Ine ndikufuna ndichenjezepo pa manambala a Moodle amenewa, chifukwa anandinamiza chaka chathunthu. Ndimaphunzitsa kusoka, ambiri mwa ophunzira anga ndi azimayi a kwathu amene ali kuno ku Joni. Ndinkaona timizere tosonyeza kuti amaliza tadzaza, ine n'kumasangalala. Tsiku lina mayi wina anandibweretsera siketi atasoka zipi mozondotsa, chinthu chimene ndinachionetsa bwinobwino mu vidiyo. Nditamufunsa anati, "Aunt, ndimangotsegula n'kutseka kuti kachizindikiro kabwere, bandulo imathamanga." Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ngati lamulo lomalizira phunziro munaika loti munthu angoliona tsambalo, Moodle imalemba kuti wamaliza akangodina. Siidziwa ngati vidiyo ya YouTube ili mkatimo yaseweredwa kapena ayi. Ndiye a NaPhiri, anthu anu 76 aja ndi amene anatsegula chitseko, osati amene anakhala pansi mpaka kumapeto.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Mayi mwanditsegula maso. Ndapita kukaona, ndi momwemo ndithu, ndinaika kuti akangotsegula basi. Ndiye manambala onse aja ndi opanda ntchito?

Mkulu_wa_Manambala
Ali ndi ntchito, koma ntchito yake ndi imodzi: kukuuzani pamene anthu analeka kubwera. Zimene zinachitika mkati mwa vidiyo muzipeza kwina. Lowani mu YouTube Studio, sankhani vidiyo 6, pitani pa Analytics kenako Engagement. Mupeza mzere umene umayambira pamwamba kumanzere n'kumatsika kupita kumanja. Kutalika kwa mzerewo pamalo aliwonse kukusonyeza kuchuluka kwa anthu amene anali akuonerabe pa mphindi imeneyo. Musatiuze nambala imodzi ya avereji, ija imabisa zambiri. Tiuzeni maonekedwe a mzerewo: pamene ukutsika pang'onopang'ono, pamene wagwa mwadzidzidzi, ndi pamene wakwera. Mukadina ndi chala kapena mausi pa mzerewo vidiyo imapita pamalo omwewo, ndiye muone kuti inu munkachita chiyani pamenepo.

Kamnyamata_ka_ICT
Osavutika ndi zonsezi. Akatswiri anapeza kale kuti vidiyo isamapitirire mphindi 6. Iliyonse yoposa pamenepo iduleni, nkhani yatha.

Mkulu_wa_Manambala
Kafukufuku amene mukunenayo alipodi, wa 2014, a Philip Guo ndi anzawo, ndipo anaunika mavidiyo a makosi a pa intaneti a edX. Anapeza kuti nthawi imene anthu ambiri ankakhala akuonera sinkapitirira mphindi 6 ngakhale vidiyo italike bwanji. Koma iwo ankayang'ana nthawi yoonera, osati ngati munthu wamvetsa. Ndipo amene ankaonerawo ambiri anali a makosi aulere, oti munthu amangolowa kudzaonako. A NaPhiri ali ndi anthu amene analipira ndipo akufuna buku la bizinesi yawo liyende. Tiyeni tione kaye kutalika kwa mavidiyo awo tisanaweruze.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Vidiyo 6 ndi ya mphindi 14. Koma achimwene a ICT, vidiyo 4 ndi ya mphindi 16 ndipo anthu sanathawe, mzere wake ukungotsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto.

Wa 6 uli chonchi. Poyambirira watsika pang'ono, pa masekondi 30 pali 85 pa 100. Ukupitirira kutsetsereka mpaka cha pa 70 pofika mphindi 7. Ndiye pa 7:40 wakwera, kachulu ndithu, mpaka cha pa 8:10. Kuchoka apo wagwa ngati phompho, pofika mphindi 9 wafika pa 35, ndipo amenewo ndi amene akufika kumapeto. YouTube yalemba kachuluko kuti Spike. Ine ndimaona ngati ndi malo amene anawakonda.

Chitedze99
Eya, pokwera ndi pamene pakoma. Pa tchanelo changa cha nyimbo za kwaya pamakwera pamene pali kolasi.

Mkulu_wa_Manambala
Pa nyimbo ndi zoona. Pa phunziro, kukwera kumangotanthauza kuti malowo aonedwa kangapo, anthu abwezera m'mbuyo. Akhoza kubweza chifukwa akutsatira ndi manja awo pa kompyuta, zimene ndi zabwino, kapena chifukwa sanamve. Chimene chimasiyanitsa ziwirizi ndi zimene zikubwera pambuyo pake. Chulu chikatha mzere n'kubwerera pamene unali, ndiye kuti anabweza, anamva, anapitirira. Koma chulu chotsatana ndi phompho ndi anthu amene abweza kawiri katatu, zakanika, atseka. Mayi, pa 7:40 mukuchita chiyani?

NaPhiri_wa_Maakaunti
Ndaonera katatu tsopano. Ndi pamene ndikuphunzitsa kukhoma kabokosi kuti kasasunthe pokokera fomula pansi. Chitsanzo ndi cha mayi wogulitsa matumba a ufa, mtengo wa thumba uli mu E1, ndiye ndikulemba:

```
=B2*$E$1
```

Koma taonani zimene ndikuchita. Ndikunena kuti "apa mungodina F4", ndadina, zizindikiro za $ zabwera zokha, ndakokera pansi, ndapita pa chitsanzo china. Zonsezi masekondi osakwana 20. Sindinanene chifukwa chake kabokosiko tikukakhoma, sindinaonetse chimene chimachitika ukapanda kukhoma. Ndipo sikirini yonse ya laputopu ikuoneka, tizilembo ting'onoting'ono.

MaiAwiri_kuJoni
Taonaninso kuti akuonera pa chiyani. Mu Analytics momwemo muli poonetsa Device type.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Pa anthu 10 alionse, 8 akuonera pa foni. Ndatenga foni ya mwana wanga, ya galasi losweka pakona, ndatsegula vidiyoyo pa bandulo wamba. Chithunzi chinatsika chokha n'kukhala chosaoneka bwino, ndipo kachizindikiro ka $ kakuoneka ngati S kapena 8. Ine mwini fomulayo sindinathe kuiwerenga. Komanso ambiri amachitira ntchito zawo pa foni pomwepo, ndipo pa foni palibe batani la F4. Ndinawauza kuti adine chinthu chimene alibe. Ndakhala chete kwa kanthawi ndithu, chifukwa ndikuganiza za mayi wina wa kaunjika amene ananditumizira uthenga kuti "Madamu, mutu wanga ndi wouma, ndasiya." Mutu wake unalibe vuto.

Tsabola_wa_Kambuzi
Pepani mayi. Zoterezi zimapweteka. Muwaimbire mayi ameneyo.

Koma poti tikunena za mafoni, alipo akudziwa pulogalamu yabwino yochepetsera kukula kwa vidiyo? Anga amatuluka aakulu zedi, kukweza kumanditengera usiku wonse.

Kamnyamata_ka_ICT
HandBrake, ndi yaulere. Koma pa vidiyo ya sikirini musafinye kwambiri, zilembo ndi zimene zimayamba kufa.

Tsabola_wa_Kambuzi
Ndiyesa usiku uno magetsi akakhalapo.

Aphunzitsi_Opuma
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine za makompyuta ndimadziwa pang'ono, koma ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri, ndipo pali funso limene simunafunse. Phunziro 7 linatuluka liti? Ana amatha kusowa m'kalasi sabata yathunthu osati chifukwa cha mphunzitsi koma chifukwa ndi nthawi yokolola kapena kumudzi kwagwa maliro. Anthu anuwa ndi amalonda. Ngati 7 linagwera nthawi ya fizi kapena ya Khirisimasi pamene msika watentha, mukhoza kuimba mlandu vidiyo yosalakwa.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Funso labwino bambo. Mwamwayi kosiyi ndaiyendetsa kawiri, gulu loyamba linayamba mu Febuluwale, lachiwiri mu Juni. Ndawasiyanitsa. Gulu loyamba, anatsegula 6 ndi 40, anafika pa 7 ndi 25. Lachiwiri, 36 ndi 22. Onse awiri agwera pamodzimodzi.

Aphunzitsi_Opuma
Ndakhutira. Miyezi yosiyana, dzenje limodzi. Si nyengo.

Chitedze99
Koma dikirani. Phunziro 7 limatseguka lokha kapena pali chotchinga?

NaPhiri_wa_Maakaunti
Iii, pali chotchinga. Ndinaika Restrict access kuti 7 isatseguke mpaka munthu akhoze mayeso a phunziro 6. Ndinachita zimenezi pa 6 pokha chifukwa ndi pakati pa kosi. Ndinaiwaliratu.

Chitedze99
Ndiyetu vuto si vidiyo, ndi geti! Chotsani getilo anthu adutse, osajambula kalikonse.

Mkulu_wa_Manambala
Mwafukula chinthu chachikulu achimwene, ndipo ine ndinayenera kufunsa zimenezi poyamba. Geti likufotokoza chifukwa chake anthu asowa onse pamalo amodzi. Koma silikufotokoza phompho la pa 8:10, chifukwa pamenepo munthu sanafike n'komwe pa mayeso. Mayi, tsegulani mayesowo, pitani pa Results kenako Statistics. Tiuzeni anayesa ndi angati, ndipo pa funso lililonse muone Facility index. Nambala imeneyo ikakhala yotsika ndiye kuti funsolo anthu ambiri analilakwa.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Mwa 76 aja, anayesa mayeso ndi 58, anakhoza 47, omwe aja anapitirira. 11 analephera osabwereranso, 18 sanayese n'komwe. Mafunso alipo 5. Anayi ali pamwamba pa 80. Funso lachitatu, lofunsa za $, lili pa 34.

Mkulu_wa_Manambala
Ndiye mboni zakwana zitatu ndipo sizinapangane: Moodle ikuti anthu asowa pambuyo pa 6, YouTube ikuti anakakamira pa 7:40, mayeso akuti chimene sanamve ndi chomwecho chimene chili pa 7:40. Vidiyo yotere ndi imene ine ndimaijambulanso mosakayika. Pakakhala mboni imodzi yokha ndimayamba ndafunsa anthu.

Taonaninso kuti ngakhale mwa amene anakhoza, ambiri funso lachitatu analilakwa, anadutsira mafunso ena anayi aja. Ndiye alipo amene amaliza kosi yonse osadziwa kukhoma kabokosi. N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zongochotsa geti. Mukatero nambala ya pa 7 ikwera, inu musangalala, koma anthu adzakhala akuchulukitsa matumba ndi kabokosi kopanda kanthu n'kumadabwa kuti ndalama zikutuluka 0.

Chitedze99
Komabe munthu amene wadutsa osamva chinthu chimodzi aposa amene wasiyiratu. 29 aja ataya maphunziro 6 athunthu chifukwa cha kachizindikiro kamodzi. Ine geti ndikanachotsa lero lomwe.

MaiAwiri_kuJoni
Ine ndili mbali ya a Chitedze pa ichi. Munthu wamkulu akalephera mayeso amachita manyazi, sabweranso. Siyani mayeso akhalepo koma asatseke njira.

Aphunzitsi_Opuma
Ine ayi. Pa masamu ukalola mwana kudumpha sitepe, amakagwera patsogolo pomwe sungathenso kudziwa chamugwetsa. Geti ndi limene lathandiza kuti vutoli lionekere pamalo amodzi.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Za geti ndiganizirabe, mbali zonse ndikuzimva. Nanga Loweruka lachiwiri ndichite nalo chiyani? Pa 1 kupita pa 2 ndinataya anthu 22, ndipo pa 11 kupita pa 12 ndi 86 ija.

Mkulu_wa_Manambala
Ya kumapeto ija isakuvutitseni. Ndi anthu 5. Awiri okha akanatsegula, nambala ikanafanana ndi zinzake. Pa anthu ochepa chonchi maperesenti amadumphadumpha, foni imodzi ikabedwa nambala yasintha. Anthu 5 ndi oti mungathe kuwaimbira madzulo amodzi.

Ya poyambirira ndi ina. Kosi iliyonse imataya anthu pakhomo, ena amangofuna aone kuti muli chiyani. Koma onani mzere wa vidiyo 1. Ngati wagwa kwambiri m'mphindi zoyamba, onani kuti mukuyamba liti kuphunzitsa zenizeni.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Mphindi 3 zoyamba ndikudzifotokoza, kumene ndinaphunzira ndi kumene ndinagwirako ntchito. Mzere ukutsika msanga, kenako pa 3:05 wakweranso pamene Excel yaoneka.

Kamnyamata_ka_ICT
Amenewo akudumpha, sakuthawa. Apo simufunika kamera. Mu YouTube Studio muli Editor, mutha kudula mphindi zoyambazo linki osasintha. Koma ya 6 dziwani kuti YouTube siilola kuchotsa vidiyo n'kuikapo ina pa linki yomweyo. Yatsopano idzakhala ndi linki yake ndi manambala ake oyambira pa 0, ndiye mukasinthe mu Moodle. Yakaleyo musaifufute, mudzafuna kuyerekeza mizere iwiriyo gulu lachitatu likadutsa.

Mkulu_wa_Manambala
Apa mnyamata wanena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kuti musanadule vidiyo 1 mujambule chithunzi cha mzere wake, chifukwa mphindi zikasuntha simudzakumbukira kuti unali bwanji.

MaiAwiri_kuJoni
Chinanso choti mudziwe, alipo amene amakopera vidiyo n'kumagawana pa WhatsApp kapena pa memole khadi. Anga amachita zimenezi kwambiri, mmodzi amakopera pa Wi-Fi ya kuntchito n'kugawira anzake anayi. Amenewo pa mzere wa YouTube saoneka. Komanso vidiyo yatsopano ikatuluka, yakale yolakwika ija idzakhala ikuyendabe m'mafoni. Muwauze pa gulu lawo kuti yakale aitaye.

NaPhiri_wa_Maakaunti
Zikomo nonse. Dzulo madzulo ndinaimbira anthu 6 mwa 18 amene sanayese mayeso. Anayi anati anasokonezeka pa fomula ija, mmodzi mwa iwo anafufuza F4 pa foni mpaka kufunsa mwana wa neba. Mmodzi foni inagwera m'madzi. Wina anati anangotanganidwa. Mayi wa kaunjika uja ndamuimbiranso, wavomera kubwerera.

Loweruka lino ndijambula 6 yokha. Ndikulitsa sikirini kuti pazioneka timabokosi tochepa ndi zilembo zazikulu. Ndiyamba ndi kulakwitsa dala: ndilemba `=B2*E1`, ndikokera pansi, aone okha mzere wachiwiri ukusanduka `=B3*E2` ndipo ndalama zikutuluka 0 chifukwa mu E2 mulibe kanthu. Akaona vutolo m'pamene ndilembe $ ndi dzanja, chimodzichimodzi, pa foni, ndipo F4 ndidzangoitchula kumapeto kwa amene ali ndi laputopu. Ndisanaikweze ndiionera kaye pa foni yosweka ija.

Chimene sindinatsimikize ndi ichi: ikhale vidiyo imodzi kapena ndiigawe pawiri, kukhoma kabokosi kukhale phunziro lakelake?

Kamnyamata_ka_ICT
Gawani. Yaifupi munthu amaibwereza osaopa bandulo.

Mkulu_wa_Manambala
Kugawa kuli ndi mtengo wake. Pa manambala anu omwe, nthawi iliyonse imene munthu akuyenera kutsegula phunziro lina mumataya anthu 4 mpaka 9 pa 100, ngakhale pamene zonse zili bwino. Mukawonjezera phunziro mwawonjezera khomo lina lotulukira. Koma mbali ina, mukagawa mudzaona bwino ngati vuto latha, chifukwa mzere wonse udzakhala wa nkhani imodzi. Ine sindinganene motsimikiza. Mphindi 7 zoyamba zija, zimene anthu ankaonera bwinobwino, zikukamba chiyani?

NaPhiri_wa_Maakaunti
Kuchulukitsa ndi kukokera fomula pansi. Zimenezo funso lake pa mayeso lili pa 88.

Aphunzitsi_Opuma
Ndiye mbali imeneyo musaikhudze mayi, ikugwira ntchito. Dulani yakaleyo pa 7:30 ikhale payokha, mujambule chatsopano kuyambira pamenepo. Gulu lachitatu likuyamba liti?

NaPhiri_wa_Maakaunti
Sabata yachiwiri ya Okutobala. Alembetsa kale 19. Adzafika pa phunziro 6 cha kumapeto kwa Novembala, ndidzabwera nawo manambala pompano.